Tsamba la manambala lomwe mwalandira pa foni: katunduyu ndi wa yani?

Miyezi ya Malichi ndi Epulo ikafika, nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times zimakhala ndi masamba athunthu a manambala okhaokha. Amenewa amakhala makampani a pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange, akulengeza mmene chaka chawo chathera pa 31 Disembala. Masiku ano tsamba lotere silithera m'nyuzipepala. Wina amalijambula ndi foni, chithunzi chija n'kuyamba kuzungulira m'magulu a WhatsApp, pansi pake patalembedwa kuti kampani yakutiyakuti yalemera kwambiri, kapena yamira mu ngongole. Ogwira ntchito amachionetsana pofuna kukapempha kuti malipiro akwere. Alimi amene amapereka mbewu kukampaniyo amachiyang'anitsitsa kuti adziwe ngati adzalipidwe. Amene anagula masheya amafuna aone ngati ndalama zawo zikubala.

Vuto n'lakuti ambiri amathamangira nambala yaikulu koposa zonse pa tsambalo, n'kumaganiza kuti apeza chuma cha kampani. Nambala imeneyo payokha siuza munthu zambiri. Tsamba lomwe akauntanti amalitcha balansi shiti, lomwe pamutu pake m'malipoti a masiku ano pamalembedwa kuti Statement of financial position, limayankha mafunso awiri nthawi imodzi: kampani ili ndi chiyani, ndipo zimene ili nazozo ndi za yani?

Yankho la funso loyamba ndi katundu. Apa mumalowa malo, nyumba, makina, magalimoto, zinthu zomwe zili m'nkhokwe zikudikira kugulitsidwa, ndalama zomwe makasitomala sanalipire, ndi ndalama zomwe zili ku banki. Yankho la funso lachiwiri lili pawiri. Pali anthu akunja amene kampani iyenera kuwabweza, monga mabanki, ogulitsa zipangizo ndi bungwe lotolera misonkho la MRA. Zimenezi ndi ngongole. Chotsala ngongole zonse zikachotsedwa ndi gawo la eni ake, amene ali ndi masheya. Choncho tsamba lonse laima pa mzere umodzi:

katundu = ngongole + gawo la eni ake

Munthu wogula minibasi ya K30 miliyoni, K18 miliyoni atakongola ku banki ndipo K12 miliyoni atachotsa m'thumba mwake, amaudziwa mzerewu ngakhale sanaphunzirepo akaunti. Minibasi ili pakhomo pake, anthu amati ndi yake, koma iye akudziwa kuti gawo lalikulu likadali la banki. Mchitidwe wolemba ndalama iliyonse kawiri, komwe yachokera ndi komwe yapita, ndi wakale. Amalonda a ku Italy ankauchita, ndipo Luca Pacioli anaufotokoza m'buku lomwe linasindikizidwa ku Venice mu 1494.

Tiyambe ndi pamwamba pa chithunzi

Musanawerenge nambala ina iliyonse, onani ngati wojambula sanadule mutu wa tsamba. Nthawi zambiri ndi pomwe pamadulidwa, chifukwa dzanja limalunjika pakati pomwe pali manambala. Komatu pamutupo ndi pomwe pali muyezo. Pakalembedwa K'000 ndiye kuti nambala iliyonse yachotsedwa maziro atatu, kotero 40,000 akutanthauza K40 miliyoni. Pakalembedwa K'm kapena K'million, 40,000 yomweyo ndi K40 biliyoni. Palinso makampani ena, monga FMB Capital Holdings, omwe amalemba malipoti awo m'madola a ku America. Wodula mzere umenewu wakupatsani manambala opanda dzina.

Pamutu pomwepo pali tsiku. Balansi shiti imanena za tsiku limodzi lokha, lomwe mabuku anatsekedwa. Makampani ambiri amatseka pa 31 Disembala, pamene Illovo Sugar Malawi imatseka pa 31 Ogasiti. Izi n'zofunika pa kampani yodalira nyengo. Yogula mbewu kwa alimi imakhala ndi nkhokwe zodzaza ndi ngongole zambiri za ku banki ikangomaliza kugula, koma miyezi ingapo ikadutsa nkhokwe zimaphwa, ngongole n'kuchepa. Kampani ndi yomweyo, zithunzi ziwiri zosiyana.

Kenako werengani mizere yotsika. Kawirikawiri imakhala iwiri, chaka chino ndi chaka chatha, ndipo chaka chatsopano chimakonda kukhala kumanzere. Makampani omwe ali ndi makampani ena pansi pawo amakhala ndi mizere inayi. Iwiri imalembedwa Consolidated kapena Group, kusonyeza banja lonse pamodzi. Iwiri inayo imalembedwa Separate kapena Company, kusonyeza kholo lokha. Chithunzi chikapendekeka, diso limatha kuyamba mzere wa banja lonse n'kukathera mu mzere wa kholo, munthu n'kuwonkhetsa zinthu zosawonkhetseka. Ndipo nambala yomwe yatsekeredwa m'mabulaketi imachotsedwa, siwonjezeredwa. Pa chithunzi chosaoneka bwino timabulaketi timeneti ndi tomwe timayamba kuzimirira, ndipo kuluza kumasanduka phindu.

Kampani yoyenga mafuta

Tiyeni tiwerenge tsamba limodzi. Kampaniyi ndi yongopeka pofuna kuphunzira, ndipo manambala ndawazungulitsa kuti asatisokoneze. Imayenga mafuta ophikira kuchokera ku soya ndi mpendadzuwa, ndipo mabuku ake yatseka pa 31 Disembala 2023.

Katundu amalembedwa m'magulu awiri. Loyamba ndi katundu wokhalitsa, amene kampani sikufuna kumugulitsa chaka chino chifukwa ndiye amagwira ntchito: fakitale, makina oyengera ndi malole. Onsewa alembedwa K600 miliyoni. Lachiwiri ndi katundu woyenda, yemwe akuyembekezeka kusanduka ndalama chaka chisanathe. Soya ndi mafuta a m'nkhokwe ndi K250 miliyoni. Mashopu omwe anatenga mafuta pa ngongole ayenera kulipira K110 miliyoni. Ku banki kuli K40 miliyoni. Gulu limeneli likukwana K400 miliyoni, ndipo mzere wa Total assets ukuti K1,000 miliyoni, yomwe ndi biliyoni imodzi.

Apa ndi pomwe uthenga wa pa WhatsApp umaima: kampani ili ndi biliyoni, nanga ikukaniranji kukweza malipiro? Onani kaye kuti mu biliyoni imeneyo ndalama zogwirika ndi K40 miliyoni zokha. Zina zonse ndi zitsulo, njerwa, matumba a soya ndi malonjezo a anthu ena.

Tsikani m'munsi. Ngongole nazo zili pawiri, potengera nthawi yobweza. Ya nthawi yaitali ndi imodzi, K340 miliyoni, yomwe anagulira makina. Zobweza chaka chisanathe ndi zitatu: K230 miliyoni kwa alimi ndi ogulitsa zipangizo, K90 miliyoni yomwe kampani yatapa ku banki kupyola zomwe inali nazo mu akaunti ina, ndi K30 miliyoni ya misonkho. Zitatuzi zikukwana K350 miliyoni. Ngongole zonse pamodzi ndi K690 miliyoni. Chotsani 690 mu 1,000, mutsala ndi K310 miliyoni. Limeneli ndiye gawo la eni ake. Pa K100 iliyonse ya katundu wa kampaniyi, K69 ili ndi mwini wake kunja, ndipo K31 ndiyo ya amasheya.

Mzere wotsiriza, Total equity and liabilities, nawonso ukuti K1,000 miliyoni. Ena akaona manambala awiriwa akufanana amapuma, amvekere mabuku ali bwino. Ndikufuna owerenga aimvetse bwino nkhani iyi: kufanana kumeneku si umboni wa moyo wa kampani. Manambalawa amafanana nthawi zonse, ngakhale pa kampani yomwe ikugwa mawa, chifukwa gawo la eni ake ndi chotsalira. Katundu akatsika koma ngongole osatsika, gawo la eni ake ndilo limafota kuti mzere uja ukhalebe woona. Ntchito ya kufananaku kwa inu wowerenga chithunzi ndi imodzi. Mukawonkhetsa nokha n'kupeza kuti sizikukwana, dziwani kuti mzere wina wadulidwa, mwasakaniza zaka, kapena mwaphonya mabulaketi.

Zomwe zimasuntha gawo la eni ake

Njira yabwino yomvetsera ubale wa zinthu zitatuzi ndi kuona mmene zimayendera kampani ikachita kanthu. Mawa kampani yathu itakongola K60 miliyoni n'kugula lole yatsopano, katundu akwera kufika 1,060, ngongole zikwera kufika 750, koma eni ake akhalabe pa 310. Kampani yakula, eni ake sanalemere. N'chifukwa chake mutu wa nkhani wonena kuti katundu wa kampani wakwera ndi maperesenti akutiakuti uyenera kutsatidwa ndi funso lakuti wakwera ndi ndalama za yani. Chimodzimodzinso ikalipira alimi K20 miliyoni kuchokera ku banki, katundu ndi ngongole zitsika limodzi ndi 20, ndipo 310 uja sagwedezeka.

Tsono igulitse mafuta omwe inawononga K50 miliyoni powapanga, pa mtengo wa K65 miliyoni. M'nkhokwe mwachoka 50, ku banki kwalowa 65. Katundu wakwera ndi 15 popanda ngongole yatsopano, ndiye 15 ameneyu alibe kwina kopita koma kwa eni ake. Limeneli ndiye phindu. Mbali inayo, shopu ina yaikulu yomwe inatenga mafuta a K30 miliyoni itatsekedwa osalipira, katundu atsika ndi 30. Banki sichepetsa ngongole yake chifukwa cha tsoka limenelo, alimi nawonso akufunabe zawo zonse. Kuluza konseko kumagwera eni ake.

Kupatula phindu ndi kuluza, gawoli limakula eni ake akaikamo ndalama zina pogula masheya atsopano, ndipo limachepa akagawana phindu. Palinso njira ina yomwe siilowetsa tambala m'kampani, ndipo kuti tiione tiyenera kutsegula 310 uja.

Pa tsamba lathu gawo la eni ake lagawidwa patatu. K100 miliyoni ndi mpamba womwe amasheya anaika. K150 miliyoni yalembedwa pa mzere wa Revaluation reserve. K60 miliyoni ili pa Retained earnings, lomwe ndi phindu la zaka zonse lomwe silinagawidwe. Mu mzere wa chaka chatha, gawo lonse linali K300 miliyoni. Wongoyang'ana pansi anganene kuti eni ake apindula K10 miliyoni m'chaka chovuta. Koma chaka chatha mpamba unali 100 womwewo, mzere wachiwiri unali 50, ndipo phindu losungidwa linali 150. Ndiye kuti phindu losungidwa latsika ndi 90, pomwe mzere wachiwiri wakwera ndi 100.

Mzere wachiwiriwo umakwera kampani ikaitana akatswiri oyesa mitengo ya malo ndi nyumba, iwo n'kunena kuti fakitale tsopano ndi yodula kuposa mmene inalembedwera. Malamulo a akaunti amalola zimenezi, ndipo m'dziko lomwe mitengo imakwera chaka ndi chaka si bodza kunena kuti nyumba yakwera mtengo. Koma fakitale ndi yomweyo, sinayenge lita imodzi yowonjezera, ndipo K100 miliyoni imeneyo singalipire mlimi kapena mlonda. Pa tsamba ili yaphimba kuluza kwa K90 miliyoni. Kwa ine, pa magawo atatuwa phindu losungidwa ndilo loyenera kuyang'anidwa poyamba, chifukwa ndilo limanena ngati malonda akubala. Likatsika, funsani ngati ndi chifukwa cha kugawana phindu kapena kuluza. Ndipo musaganize kuti K60 miliyoni imeneyo ili m'bokosi penapake. Inalowa kale m'makina ndi m'matumba a soya, ndipo taona kale kuti ku banki kuli 40 yokha.

Ngongole yomwe inakula yokha

Nanga K90 miliyoni inapita kuti? Yang'anani ngongole ya makina ija. Chaka chatha inali K236 miliyoni, chaka chino ndi K340 miliyoni, chonsecho katundu wokhalitsa sakuonetsa kuti pagulidwa makina atsopano. Yankho lili m'mafotokozedwe omwe amatsatira tsambali mu lipoti lathunthu: ngongoleyi ndi ya madola 200,000, ndipo nthawi yoyamba kubweza inali isanakwane.

Mu Novembala 2023 banki yaikulu ya Reserve inatsitsa mphamvu ya kwacha, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, kukwera kwa maperesenti 44. Kuti masamu aphweke, tiyese kuti mtengo woyambawo ndi womwe ngongoleyi inalembedwera chaka chatha. Madola 200,000 pa K1,180 ndi K236 miliyoni. Pa K1,700 ndi K340 miliyoni. Kampani sinakongole dola ina ngakhale imodzi, koma ngongole yake mu makwacha yakwera ndi K104 miliyoni. Ngongole ikakwera popanda katundu watsopano wolowa, mzere wathu uja ukutiuza kale amene alipire: eni ake. Malonda a mafuta anabweretsa phindu la K14 miliyoni, kugwa kwa kwacha kunatenga 104, ndipo chotsala ndi kuluza kwa 90.

Izi zinachitikira makampani enieni m'dziko muno chaka chimenecho, makamaka omwe amagulitsa mu makwacha koma ali ndi ngongole za madola. Omwe amatumiza katundu kunja kapena amasunga ndalama zakunja zinawayendera mwina, chifukwa kwa iwo mbali ya katundu ndiyo inakwera. Tsamba lojambulidwa silinena kuti ngongole ili mu ndalama yanji. Pambali pa mzere uliwonse pamakhala kanambala kakang'ono pansi pa mutu wakuti Note, kolozera ku tsamba lomwe nkhani yonse yafotokozedwa. Chidule cha m'nyuzipepala nthawi zambiri sichikhala ndi masamba amenewo.

Mlimi amene akudikira malipiro funso lake ndi lina. Iye alibe nazo ntchito za fakitale, akufuna kudziwa ngati kampani ipeze ndalama m'miyezi ikubwerayi. Ayerekeze katundu woyenda ndi ngongole zobweza chaka chisanathe: 400 ndi 350. Zikuoneka ngati zikukwana. Koma mu 400 muli 250 ya m'nkhokwe, yomwe iyenera kuyengedwa, kugulitsidwa, ndalama zake n'kutoleredwa. Popanda imeneyo patsala 150 yolimbana ndi 350. Kampani yotere imalipira mochedwa ngakhale ilibe mtima woipa, ndipo mafuta akangotsika mtengo kapena mashopu akachedwetsa malipiro, imathamangira ku banki kukatapa ngongole ina ya chiwongoladzanja chokwera. Makampani ambiri amagwa gawo la eni ake likuonekabe labwino pa pepala, chifukwa chosowa ndalama pa tsiku lolipira.

Ikagwa, angongole ndiwo amayamba kulandira, amasheya amakhala kumapeto kwa mzere. Ndipo katundu wogulitsidwa mwachangu safika mtengo wa m'mabuku. Makina oyengera mafuta ogula ake ndi owerengeka. Katundu wa biliyoni uja atagulidwa K700 miliyoni, angongole atenga 690, eni ake n'kugawana 10, tisanachotse n'komwe zolipira oyendetsa ntchito yothetsa kampaniyo. Atagulidwa K600 miliyoni, eni ake sapeza kanthu ndipo angongole ena abwerera ndi theka. Ndiye gawo la eni ake limatetezanso angongole: pa kampani yathu katundu angatsike ndi maperesenti 31 iwo asanakhudzidwe. Gawoli likalembedwa m'mabulaketi, ngongole zaposa katundu yense.

Chithunzi chikakhala cha banki

Masamba ambiri omwe amazungulira ndi a mabanki, ndipo apa zinthu zimaoneka ngati zatembenuka. Ndalama zomwe inu munasungitsa ku National Bank of Malawi, Standard Bank, NBS kapena FDH, kwa inu ndi chuma, koma kwa banki ndi ngongole, chifukwa iyenera kukubwezerani mukazifuna. Ngongole zomwe banki yapereka kwa anthu ndi kuboma ndiye katundu wake. Choncho banki yomwe ngongole zake zaposa gawo la eni ake kangapo sikuti yasokonekera, ndi mmene ntchitoyo ilili, ndipo banki ya Reserve imaika malire a mpamba womwe banki iliyonse iyenera kukhala nawo. Muyezo womwe tagwiritsa ntchito pa fakitale ya mafuta sungagwire pa banki. Makampani a mafoni nawonso ali ndi zawo: mayunitsi omwe mwagula koma simunaimbire amalembedwa ngati ngongole, poti kampani yalandira ndalama koma ntchito sinagwire.

Nkhani ya mizere inayi ija imaoneka bwino pa Press Corporation, yomwe ili ndi masheya opitirira pang'ono theka mu National Bank of Malawi. Mu mzere wa banja lonse mumalowa katundu yense wa bankiyo ndi ndalama zonse za osungitsa, osati theka lokha. Ndiye m'gawo la eni ake mumapezeka mzere wa Non-controlling interests, womwe ndi gawo la anthu ena omwe ali ndi masheya m'makampani a pansi pa Press. Amene ali ndi masheya a Press asawerengere mzere umenewo ngati wake.

Pomaliza pali zomwe tsambali silinena n'komwe. Mtengo wa sheya pa msika sutuluka pano, umapangidwa ndi ogula ndi ogulitsa, ndipo ukhoza kukhala pamwamba kapena pansi pa zomwe mabuku akunena. Luso la antchito ndi mbiri yomwe kampani yadzipangira sizilembedwa ngati katundu. Mlandu womwe uli kukhoti, womwe sizikudziwika ngati kampani idzaluze, ukhoza kungotchulidwa m'mafotokozedwe osafika pa tsamba la manambala. Maganizo a akatswiri ofufuza mabuku ochokera kunja kwa kampani, onena ngati akukhutira ndi manambalawo, nawonso amakhala pa tsamba lina.

Choncho wina akakutumizirani chithunzi chotere, musachipatsire ena musanaone muyezo, tsiku ndi mitu ya mizere. Ngati zadulidwa, mupempheni ajambulenso tsamba lonse. Ndipo ngati mukufuna kuikapo ndalama zanu, kupereka mbewu zanu pa ngongole kapena kukakambirana za malipiro potengera manambala amenewo, funani lipoti lathunthu la chaka. Makampani a pa msika wa masheya amalitulutsa poyera, ndipo aliyense amene ali ndi masheya ali ndi ufulu wofunsa mafunso pa msonkhano waukulu wa pachaka.